Kalata yopempha oda ya mayunifomu kwa aHedi: mafunso ndi mayankho

Ndakhala ndikusoka mayunifomu a sukulu muno mu Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo atelala anzanga, makamaka amene angotsegula kumene shopu, amandifunsa mafunso omwewomwewo akafuna kulembera mphunzitsi wamkulu. Ndawasonkhanitsa pano. Mitengo imene ndaikamo ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Inu ikani ya tsiku limene mukulemba, mutafunsa kaye m'mashopu a nsalu.

Ndilemberenji kalata, poti ndikhoza kungopita kukacheza ndi aHedi?

Pitani ndithu, koma pitani ndi kalata m'manja. AHedi sagamula okha nkhani ya yunifomu. Pasukulu yaboma ya pulayimale pali komiti ya sukulu ndi PTA, kusekondale kuli komiti yoona zogula zinthu, ndipo kusukulu ya pulaiveti kuli mwini sukulu, amene mwina simudzamuona n'komwe. Tsiku limene anthu amenewa adzakhala pansi kukambirana, mwina inu simudzakhalapo. Chimene chidzakhale patebulo ndi pepala lanu, pambali pa mapepala a atelala ena awiri kapena atatu.

Choncho polemba muziganizira bambo wa m'komiti amene sakudziwani, ndipo akufunsa kuti, "Ndiye diresi ya mwana wa Sitandade 7 ndi zingati? Abweretsa liti? Ikachepa titani?" Ngati aHedi ayankha kuti, "Ndimuimbira kaye," nkhani yanu yaimitsidwa mpaka msonkhano wina, ndipo msonkhano winawo ukhoza kudzachitika teremu yamawa.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Makalata a mu ofesi ambiri amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ngati mukulembera sekondale kapena sukulu ya pulaiveti ya m'tauni, tsatani mwambo umenewo. Kusukulu ya pulayimale kumene kalata idzawerengedwa pamaso pa makolo, ya Chichewa imagwira ntchito kuposa. Ine ndimapereka zonse ziwiri, manambala ake ofanana ndendende. Muwafananize kawiri musanatumize, chifukwa pepala lina likanena K17,500 lina K17,000, komiti imasankha wotsikawo ndipo simungatsutse.

Ndalama zimachokera kusukulu kapena kwa makolo?

Funsani zimenezi musanalembe chilembo n'chimodzi chomwe, chifukwa kalata yonse imadalira yankho lake.

Kusukulu zaboma za pulayimale, kumene maphunziro akhala aulere kuyambira 1994, mwana sayenera kubwezedwa chifukwa alibe yunifomu, ndipo sukulu siikhala ndi thumba logulira mwana aliyense zovala. Amene amagula ndi kholo. AHedi akakuuzani kuti ali ndi ana 1,500, musaganize kuti imeneyo ndi oda ya mayunifomu 1,500. Ena ali nayo kale, ena avala yosiyiridwa ndi akulu awo, ena akasoketsa kwa telala wa pakhonde pamsika. Oda yeniyeni ndi chiwerengero cha makolo amene alembetsa mayina ndi kupereka ndalama. M'kalata yanu pemphani kuti komiti itolere mayina ndi ndalama, kenaka ikupatseni chiwerengero cholembedwa.

Kusukulu za pulaiveti ndi masekondale ena, sukulu imagula yokha n'kumagulitsa kwa ana. Apa oda imakhala yodziwika ndipo wolipira ndi mmodzi. Nthawi zina pamakhalanso bungwe lothandiza ana ovutika lomwe limalipira, aHedi n'kungokhala otsogolera njira. Zikatero funsani kuti invoisi ilembedwe m'dzina la yani.

Kalatayo ikhale ndi chiyani, ndipo italike bwanji?

Tsamba limodzi, likachulukitsa limodzi ndi theka. Pamwamba dzina la bizinesi, kumene shopu ili, nambala ya foni ndi tsiku. Kenaka mutu wa nkhani, ziganizo ziwiri zonena kuti ndinu ndani, mitengo, nsalu, tsiku lobweretsa, kalipiridwe, ndi zimene mudzachite chovala chikalakwika. Pomaliza pempho limodzi lomveka, monga lakuti akupatseni tsiku lokaonetsa sampulo ku komiti.

Zoti "ndife akatswiri odziwika dziko lonse" zisiyeni. Aliyense amalemba zomwezo, ndipo zimadya malo a mitengo. Ngati munasokerapo sukulu ina ndipo aHedi a kumeneko avomera kuti atchulidwe, chiganizo chimodzi chimenecho chimalemera kuposa ndime yonse yodzitama.

Mungationetse chitsanzo cha kalata yonse?

Nachi. Tiyerekeze kuti telala wa ku Kawale, amene ali ndi makina atatu, akulembera sukulu ya pulayimale ya cha ku Mitundu, ndipo komiti yanena kuti makolo pafupifupi 300 akufuna.

Kwa Mphunzitsi Wamkulu,
Sukulu ya Pulayimale ya ........

Wolemekezeka Mayi,

KUSOKA MAYUNIFOMU 300 A ANA A SUKULU YANU

Ndine telala ndipo shopu yanga ili ku Kawale. Potsatira zimene tinakambirana mu ofesi yanu, ndikupempha kuti komiti iganizire zondipatsa ntchito yosoka mayunifomu pa mitengo iyi:

Diresi yaying'ono: K15,000 imodzi, 60, pamodzi K900,000
Diresi yapakati: K17,500 imodzi, 60, pamodzi K1,050,000
Diresi yayikulu: K20,500 imodzi, 40, pamodzi K820,000
Shati ndi kabudula zazing'ono: K16,000, 50, pamodzi K800,000
Shati ndi kabudula zapakati: K18,500, 50, pamodzi K925,000
Shati ndi kabudula zazikulu: K21,500, 40, pamodzi K860,000
Zonse pamodzi: K5,355,000

Mtengowu ukuphatikiza nsalu, kusoka, baji ya sukulu ndi kubweretsa katundu mpaka pa ofesi yanu. Palibe ndalama ina yowonjezera. Ndi mtengo wa oda ya mayunifomu osachepera 250, ndipo ugwira ntchito kwa masiku 14 kuchokera tsiku la kalatayi.

Nsalu ndi tetroni, yofanana ndi tizidutswa timene ndamata pa kalatayi. Ndabweretsanso diresi imodzi ndi shati ndi kabudula zosokeratu, kuti zikhale mu ofesi yanu mpaka ntchito itatha.

Ndidzabwera kudzayesa ana ndekha mwaulere. Ntchito idzayamba tsiku limene ndalandira dipoziti ya K3,213,000 pamodzi ndi mndandanda wa masaizi wosainidwa. Mayunifomu 150 oyamba ndidzabweretsa pakatha masabata 4 kuchokera tsikulo, 150 otsala pakatha masabata 6. Ulendo uliwonse tidzawerengera limodzi, ndipo K1,071,000 idzalipiridwe pasanathe masiku 7.

Chovala chimene chasokedwa molakwika kapena chosiyana ndi muyeso wa mwana ndidzakonza kapena kusintha mwaulere, ngati chabwezedwa pasanathe masiku 14.

Ndikupempha tsiku loti ndidzaonekere pamaso pa komiti.

Ine wanu,
........

Mafunso otsatirawa akufotokoza kumene nambala iliyonse yachokera.

Mitengo imeneyi mwaipeza bwanji?

Ndimayamba ndi chovala chimodzi cha saizi yapakati. Pa nsalu yotambalala masentimita 150, diresi yotere imadya pafupifupi mita imodzi ndi theka. Nsalu ikakhala K6,000 pa mita, ndiye K9,000. Ulusi, zipi, mabatani ndi kansalu koyera ka kolala ndikuika K1,200. Wosoka ndimulipira K3,000 pa diresi. Baji K1,000. Galimoto ndi majumbo opakiramo, nditagawa pa zovala zonse, K300. Pamodzi K14,500. Ndikagulitsa K17,500, pa diresi imeneyi pakutsala K3,000.

Musanyengeke ndi K3,000 imeneyo n'kuichulukitsa ndi 300. Masaizi ang'ono ndi zovala za anyamata zimapindula pang'ono, chifukwa shati ndi kabudula ndi zovala ziwiri, kusoka kwake n'kwa K4,000, pamene makolo savomera kuti mtengo utalikirane kwambiri ndi wa diresi. Werengani oda yonse. Madiresi 160 akudya mamita 242, za anyamata 140 zikudya mamita 239, pamodzi 481. Ndimawonjezerapo mamita 5 pa 100 alionse chifukwa cha nsalu yolakwika podula ndi malo othimbirira mumpukutu, ndiye ndigula mamita 505, omwe ndi K3,030,000. Zina zonse za madiresi ndi K880,000, za anyamata K924,000. Zowononga zonse ndi K4,834,000. Chotsani pa K5,355,000, phindu lenileni ndi K521,000, pa ntchito ya mwezi ndi theka, lendi ya shopu ndi magetsi musanalipire.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amapunthwa nacho ndi kutambalala kwa nsalu. Ilipo ya masentimita 150, ilipo ya 115. Yopapatizayo imaoneka yotchipa pa mita koma imadyeka yambiri. Komanso funsani ngati wogulitsa akuyesa ndi mita kapena yadi, chifukwa yadi ndi masentimita 91 okha. Pa oda yonga iyi, kusokoneza ziwirizi kukusiyani mukusowa mamita oposa 40.

Bwanji osangoika mtengo umodzi wa saizi iliyonse, kuti komiti isavutike?

Ndinayesapo ndipo ndinalira. Pasukulu ina ndinalemba mtengo umodzi, woyerekeza pakati. Makolo a ana a Sitandade 1 anaona kuti wakwera, anakasoketsa kwina. Makolo a atsikana a Sitandade 8 anaona kuti watsika, anabwera onse. Ndinasoka madiresi odya mamita awiri pa mtengo wa mita imodzi ndi theka.

Masaizi atatu amakwana. Koma m'kalata kapena pa pepala lophatikiza, saizi ifotokozedwe ndi muyeso, monga kutalika kwa diresi ndi chifuwa, osati ndi kalasi yokha. Kumidzi mumapeza mnyamata wa zaka 14 ali mu Sitandade 4, ndipo kholo lake lidzaumirira mtengo wa kalasiyo pamene mwanayo akuvala saizi yayikulu.

Chifukwa chiyani mtengo ungogwira masiku 14? Sizioneka ngati ndikuwakakamiza?

Amene wagulapo shuga muno m'zaka zapitazi sadabwa nazo. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Nsalu zambiri za yunifomu, mazipi ndi ulusi zimachokera kunja, kotero mitengo yake imatsatira dola, ndipo m'mashopu a ku Area 2 imatha kusintha pakati pa Lolemba ndi Lachisanu.

Onani chitsanzo chathu. Nsalu ikangokwera ndi K1,000 pa mita, pa mamita 505 mwataya K505,000. Phindu linali K521,000. Mwatsala ndi K16,000, ndipo mwasoka masabata asanu ndi limodzi. Kalata yopanda tsiku lothera mtengo imatha kutulutsidwa m'diroo patapita miyezi inayi, aHedi n'kunena mwaulemu kuti, "Komiti yavomera, yambani." Mukakana mumaoneka wabodza, mukavomera mwaluza.

Ngati mukudziwa kuti komiti imachedwa kukumana, ikani masiku 21 kapena 30, koma muwonjezere chiganizo chakuti akapitirira masikuwo mudzapereka kotesheni yatsopano. Mbali inayo muitchulenso, chifukwa imakhazika mtima pansi makolo: dipoziti ikangolandiridwa, mtengo sudzasinthanso. Mukhoza kulonjeza zimenezo chifukwa nsalu yonse mumakagula tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Dipoziti ikhale yochuluka bwanji? Ambiri amati theka.

Dipoziti ndi ndalama yogulira nsalu yonse nthawi imodzi, choncho muiwerengere kuchokera pa nsaluyo. M'chitsanzo chathu theka ndi K2,677,500, pamene nsalu ndi K3,030,000. Theka silikukwana. N'chifukwa chake kalatayo ikupempha 60 peresenti, K3,213,000, yomwe ikugula nsalu n'kutsala K183,000 ya ulusi ndi mazipi oyambira. Malipiro a osoka a masabata anayi oyambawo achoka m'thumba mwanu, ndiye dzifunseni ngati muli nawo musanatumize kalata.

Kugula nsalu pang'onopang'ono kuli ndi vuto lina kupatula mtengo. Mipukutu ya nsalu ya mtundu umodzi, ikakhala yonyikidwa mu utoto nthawi zosiyana, imasiyana kawalidwe. Mushopu simungaone. Mudzaona ana atafola pa asembule dzuwa likuwala, ena ali obiriwira modera, ena motuwa, ndipo makolo a otuwawo adzati mwawapatsa nsalu yachabe.

Lembani dipoziti ndi nambala yeniyeni ya makwacha, osati peresenti yokha. Ndipo ngati ndalama zikuchokera m'thumba la boma, yembekezerani kumva kuti salipira katundu asanafike. Zikatero mufunika mpamba wanu, kapena mupemphe kugawa oda m'zigawo zing'onozing'ono zimene mungakwanitse. Onaninso funso la mapepala m'munsimu.

Tsiku lobweretsa ndilembe bwanji kuti ndisadzaoneke wabodza?

Atelala tili ndi mbiri yoti "bwerani mawa", ndipo komiti iliyonse ili ndi munthu amene anadyeredwapo nsalu ya ukwati. Apa m'pamene kalata imakomera kapena kugwa.

Werengani mphamvu ya shopu yanu moona. Wosoka mmodzi, zovala zitadulidwa kale, tinene kuti amamaliza madiresi 5 patsiku, kapena mashati ndi makabudula a ana 4. Madiresi 160 ndi masiku 32 a munthu mmodzi. Za anyamata 140 ndi masiku 35. Pamodzi 67. Gawani kwa anthu atatu, masiku 23, omwe ndi pafupifupi masabata anayi mukamagwira mpaka Loweruka. Amenewo ndi masiku osoka okha. Simunawerengere kugula nsalu, kudula, kudikira mabaji kwa wopeta, kubowola mabatani, kusita ndi kupakira. Simunawerengere tsiku limene magetsi a ESCOM azima ovaloko n'kuima, kapena maliro amene atenga wosoka wanu masiku atatu. N'chifukwa chake ntchito ya masabata anayi imalonjezedwa masabata asanu ndi limodzi.

Chachiwiri, nthawi iyambe kuwerengedwa pa chinthu chooneka. M'kalata muja ndalemba kuti ntchito iyamba tsiku lolandira dipoziti pamodzi ndi mndandanda wa masaizi wosainidwa. Mukalemba tsiku la pakalendala lokha, monga 15 Sepitembala, ndipo dipoziti n'kubwera pa 5 Sepitembala, anthu adzakumbukira 15 uja, kuchedwa kwawo adzaiwala. AHedi akaumirira tsiku la pakalendala, lembani onse awiri: dipoziti ikafika pofika tsiku lakuti, katundu afika pofika tsiku lakuti.

Kubweretsa kawiri kumathandiza mbali zonse. Makolo amaona zovala msanga n'kusiya kudandaula, inu mumalandira ndalama yolipira osoka, ndipo ngati pali cholakwika, monga thumba la shati kuikidwa m'munsi kwambiri, mumachimva musanasoke 150 enawo.

Thiransipoti ndiiphatikize mu mtengo kapena ikhale payokha?

Iphatikizeni, ndipo tchulani malo enieni ofikitsira katundu. Mawu akuti "kubweretsa kwaulere" opanda malire ndi msampha. Kawale kupita ku Biwi kapena Area 23 si kanthu. Kupita kuseri kwa Mitundu kapena Nsundwe mu Febuluwale, msewu wafumbi uli matope, ndi nkhani ina, ndipo mafuta akasowa mtengo wa hayala umakwera. M'chitsanzo chathu K300 pa chovala ikupereka K90,000 ya maulendo awiri ndi majumbo. Ulendo wokayesa ana ndi wokatenga zobwezedwa muwaganizirenso, chifukwa onse ndi mafuta.

Sampulo ndi yofunikadi? Imandidyera nsalu.

Imadya mamita atatu, ndipo imakutetezani pa mkangano wa mamita 505. Mawu akuti "buluu" kapena "nsalu yabwino" satanthauza kanthu pa tsiku la mkangano. Dulani tizidutswa tiwiri ta nsalu iliyonse, kamodzi mumate pa kalata ya sukulu, kena pa kope yanu, ndipo aHedi asaine ndi kudinda chidindo pambali pake.

Musanapereke, chapani kachidutswa kena ndi sopo, muviike usiku wonse pamodzi ndi kansalu koyera, muyanike padzuwa. Madzi akasintha mtundu kapena koyerako kakadetsedwa, nsaluyo isuluka, ndipo kolala yoyera ya diresi idzaonongeka pa kuchapa koyamba. Yesaninso ndi tepi musanachape ndi mutachapa kuti muone ngati ikufupika. Ndi bwino kudziwa zimenezi mukadali ndi ufulu wosintha shopu yogulako.

Sampulo yosokayo isokedwe ndi anthu omwewo amene adzasoke oda, pa liwiro lomwelo. Mukaisoka nokha Lamulungu mosamalitsa, mwadziikira muyeso umene anyamata anu sadzaufikira.

Nanga zovala zikachepa, zikakula, kapena kholo likangosintha maganizo?

Siyanitsani kulakwa kwanu ndi kwa ena, ndipo kalata inene. Ngati mwana munamuyesa nokha ndipo chovala chasiyana ndi muyeso, kapena msoko wamasuka, zipi yafa, mlandu ndi wanu. Ngati sukulu inangokupatsani manambala a masaizi popanda kuyesa, zovala zosakwana si zanu, ngakhale mukhoza kusinthanitsa mwa ubale. N'chifukwa chake ndimakonda kukayesa ndekha, ndili ndi mphunzitsi wa kalasi ndi kaundula wake. Atsikana ayesedwe ndi mayi, pamaso pa mphunzitsi wamkazi kapena amayi a gulu la amayi la pasukulupo. Ngati mulibe wosoka wamkazi, pemphani thandizo limeneli m'kalata momwemo.

Ikani malire a masiku obwezera. Popanda malire mudzalandira kabudula wong'ambika pa mtengo wa mango teremu yachitatu. Posoka, siyani mpendero waukulu wa diresi kuti mwana akakula adzaumasule n'kuitalikitsa, ndipo muzisoka zingapo zapadera pa saizi iliyonse zosinthira pomwepo.

Ndi mapepala ati amene sukulu ingafunse?

Komiti ya makolo kawirikawiri imangofuna kalata, kotesheni ndi risiti. Sukulu ya pulaiveti yokhazikika kapena bungwe lidzafunsa setifiketi yolembetsa bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndi akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesi. Pogula ndi ndalama za boma amatsata malamulo oyang'aniridwa ndi bungwe loona zogula za boma la PPDA: amafananiza makotesheni angapo, kawirikawiri atatu, ndipo wopambana amapatsidwa chikalata cha oda chimene aliyense amangoti LPO. Musadule nsalu chifukwa cha foni yoti "mwapambana". Dikirani pepalalo.

Pa msonkho wa VAT, ngati simunalembetse ku MRA kuti muzitolera, musauike pa mtengo. Ngati munalembetsa, kalata inene poyera kuti mtengo uli nawo kale kapena ayi. Funsaninso a zachuma a sukulu kapena bungwelo ngati adzadula msonkho pa malipiro anu asanakupatseni. Akadula, akupatseni chikalata chake, ndipo muziwerengereni zimenezi popanga mtengo, chifukwa pa phindu lopyapyala ngati la chitsanzo chathu kudulako kumamveka.

Ndalama ndilandire bwanji?

Lembani njira imodzi kapena ziwiri m'kalata: akaunti ya kubanki, kapena Airtel Money ndi Mpamba pa ndalama zochepa. Pa mamiliyoni, banki ndiyo yabwino, chifukwa pafoni pali malire a ndalama ndiponso chodula potapa. Ndalama zapamanja muzilandira pamaso pa anthu awiri, msungichuma wa komiti ali pomwepo, ndipo risiti ilembedwe nthawi yomweyo.

Chimene ndimakana ndi kusiya mayunifomu pasukulu kuti makolo azigula pang'onopang'ono, ndalama ndidzatenge kumapeto kwa teremu. Ndinachitapo kamodzi. Zovala zinatha, koma ndalama zina zinabwerekedwa pa zosowa za sukulu, zina zinali ngongole za makolo amene sindinawaonepo, ndipo mphunzitsi wosunga bukhu anasamutsidwa. Palibe amene anaba, komanso palibe amene ndikanamugwira. Ngati mulola njira imeneyi, ikhale pa zovala zochepa, ndipo kalata itchule udindo wa munthu amene azisainira.

AHedi kapena wa m'komiti akapempha kangachepe, nditani?

Zimachitika, nthawi zina mozungulira: "Ndiye ife a mu ofesi mutiganizira bwanji?" Kupereka kanthu kwa wogwira ntchito m'boma kuti akupatseni oda ndi mlandu wa ziphuphu, ndipo bungwe la ACB limazenga wopereka ndi wolandira yemwe. Pa masamu pokha sizikwananso. Mukapereka K1,000 pa chovala, K300,000 yachoka pa K521,000 ija, kapena mukweza mtengo n'kulipiritsa mayi wogulitsa mandasi.

Ngati mukufuna kuthokoza sukulu, lembani m'kalata momwemo kuti komiti yonse iwerenge. Mwachitsanzo, kuti pa oda ya 300 mudzasoka mayunifomu 6 aulere a ana amasiye amene komiti idzasankhe. Amenewo muwawerengere mu zowononga zanu musanalonjeze.

Komiti ikati nditsitse mtengo, nditsitse?

Adzanena ndithu, ndiye dziwiranitu pamene simungapitirire. Mukatsitsa, chotsanipo kanthu: baji aike okha, kapena katundu adzatenge okha ku shopu, kapena oda ikwere kufika 400. Kutsitsa K1,000 pa chovala popanda kusintha chilichonse kumauza komiti kuti mtengo woyamba unali wongoyesera, ndipo adzafuna kutsitsa kachiwiri. Zimene mwagwirizana pamsonkhano mulembe kalata yatsopano ya tsiku latsopano, yakale ija isagwirenso ntchito. Mzere wakuti "osachepera 250" uli ndi ntchito yomweyo: makolo akalembetsa 120 okha, muli ndi ufulu wowerenganso mtengo, popeza ulendo wa galimoto suchepa chifukwa katundu wachepa.

Kalatayo ndipereke liti, ndipo ndikatsatire bwanji?

Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, ndipo mayunifomu ambiri amafunika nthawi imeneyo, makamaka a Sitandade 1 ndi Fomu 1. Bwererani m'mbuyo: masabata 6 osoka, masabata angapo otolera ndalama, ndi msonkhano wa komiti umene uyenera kuchitika sukulu isanatsekere. Kalata ifike mu Meyi kapena Juni. Ndi nthawi yabwinonso kwa makolo a kumidzi yozungulira Lilongwe, poti akolola, agulitsa soya ndi mtedza, ndipo fodya akugulitsidwa ku Kanengo. Kalata ya mu Januwale imapeza anthu akuganiza za ufa ndi feteleza. Ya majuzi ifike mu Malichi, kuzizira kwa Juni kusanayambe. Pewani masabata a mayeso a MANEB, chifukwa aHedi sakhala ndi mutu wa zina.

Perekani pamanja, makope awiri, ndipo pemphani kuti imodzi aidinde chidindo cha sukulu ndi tsiku, mubwerere nayo. Funsani tsiku limene komiti ikumana. Imbani foni kutatsala masiku awiri kuti mukumbutse, ndipo mufunse ngati mungadikire panja pa ofesi tsikulo, tepi ili m'khosi ndi sampulo m'manja, kuti akafuna kufunsa kanthu angokuitanani.